Dzino la mwana wanga silizulidwa

Lero m'mawa mwana wanga wa zaka 6 anakakamira chitseko cha chipinda cha adokotala a mano, akulira kuti salowa, chifukwa anzake kusukulu anamuuza kuti kumeneko amazula mano ndi pulayala. Adokotalawo sanamukoke. Ananjuta pafupi naye, namupatsa kagalasi koonera m'kamwa kuti iyeyo ayambe kuwerenga mano awo, kenako anapangana kuti akakweza dzanja lamanzere iwo asiya nthawi yomweyo. Analikweza pongofuna kuwayesa, ndipo anasiyadi.

Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti lero sanafulumire kugwira chida chilichonse choopsa, koma anangoyang'ana n'kupeza kabowo padzino lam'mbuyo lotafunira. Ine ndimaganiza kuti alizula poti ndi laubwana, koma anandifotokozera kuti dzino limeneli limaguluka mwana akafika zaka 10 mpaka 12, ndipo likachotsedwa msanga mano oyandikana nalo amasendera pamalopo, lachikulire n'kudzamera mokhota. Choncho adzalimata sabata yamawa, atapaka kaye mankhwala ochititsa dzanzi pankhama asanabaye jakisoni.

Anandipemphanso mwaulemu kuti kunyumba tisamulonjeze kuti sadzamva chilichonse, chifukwa mwana akanamizidwa kamodzi zimavuta kuti adzatsegulenso pakamwa.