Positala ya A3 siisanduka fulaya pongoikoka ngodya

Sabata ino kumalo athu osindikizira idayamba ngati ina iliyonse: Lolemba makadi a ukwati, Lachiwiri mabuku a malisiti ndi masatifiketi a sukulu ina. Koma Lachitatu tidataya mafulaya 2,000 chifukwa cha cholakwika chimene ndakhala ndikuchidandaula chaka chonse, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Mpingo wina udabweretsa positala ya msonkhano wa chitsitsimutso, ya A3, yopangidwa bwino ndithu mu CorelDRAW. Amafuna yomweyo ikhale timapepala ta A6 togawa m'maminibasi ndi pamsika. Ine ndinali kunja kukaika chikwangwani. Abwana, pofuna kuti kasitomala asadikire, adauza mnyamata wathu wophunzira ntchito kuti angosankha zonse, achepetse, atumize ku makina. Mwanayo alibe mlandu, adachita zimene adauzidwa. Pakompyuta zinkaoneka zokongola, chifukwa A3 ndi A6 ndi zofanana kaumbidwe, ndiye chilichonse chidakhala pamalo pake popanda kupindika. Apa ndi pamene anthu amapusitsikira.

A3 ndi mamilimita 297 kwa 420, A6 ndi 105 kwa 148. Kuchoka pa iyi kufika pa inayo, muyeso uliwonse umatsala ndi magawo 35 okha pa 100. Kukula kwa zilembo timakuyeza ndi mapoyinti. Mutu wa positala unali wa mapoyinti 90, udatsika kufika pa 32, umenewo palibe vuto. Dzina la malo linali la 24, lidafika pa 8 ndi theka, likuwerengekabe. Koma ndondomeko ya masiku atatu ndi manambala a foni zinali za mapoyinti 14, ndipo zidatuluka za mapoyinti 5, zoyera pamwamba pa mtundu wakuda wosakaniza inki zonse zinayi. Makina athu akangophonya pang'ono pogundanitsa mitunduyo, mtundu umalowerera m'chilembo choyeracho. Ndidanyamula kapepala kamodzi pawindo masana dzuwa lili phwee, ndipo 6 ndi 8 sindidathe kuzisiyanitsa. Nanga gogo wa maso otopa, m'minibasi madzulo, akanawerenga bwanji?

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti malire nawonso amachepa pamodzi ndi zilembo. Wopanga positala adasiya bulidi ya mamilimita 3, monga mwa lamulo, kutanthauza mtundu wopitirira m'mphepete umene umachoka podula. Itachepetsedwa idatsala milimita imodzi yokha. Mzere wa manambala a foni adauika mamilimita 5 kuchokera m'mphepete, zomwe pa A3 n'zololeka, koma pa A6 udakhala pa mamilimita osakwana 2. Mpeni wa gilotini, makina odulira mapepala, susamala kuti pepala ndi lalikulu kapena laling'ono: ukamaphonya, umaphonya ndi milimita imodzi kapena awiri basi. Wathu sunanoledwe kwa miyezi ingapo, moti ukatsika pamulu wokhuthala umakoka mapepala apansi. Kuwonjezera apo, mapepala a SRA3, okulirapo kuposa A3, adatha mwezi watha ndipo sanaguliridwe, ndiye timafulaya 8 tidapanikizidwa pa A3 wamba mogundana, popanda mpata pakati. Makina amasiya kamzere koyera m'mbali mwa pepala, motero ta kunja tidatuluka ndi mkombero woyera, ta pakati tidatenga mtundu wa tinzake, ndipo pa tambiri mpeni udadya miyendo ya manambala.

Lachinayi ndidayambiranso, ndipo njira yake ndi iyi. Positala sindiikhudza. Ndimatsegula tsamba latsopano la 105 kwa 148, n'kuika bulidi ya mamilimita 3 mbali zonse, kuti chonse chikhale 111 kwa 154. Kenako ndimakoka mizere yolondolera mamilimita 5 mkati mwa m'mphepete, ndipo kabwalo kotsalako, 95 kwa 138, ndi momwe chilembo chilichonse, chizindikiro cha mpingo ndi nkhope ya munthu ziyenera kukhala. Chithunzi chakumbuyo chokha ndi mitundu ndi zimene zimatuluka mpaka kumapeto kwa bulidi. Ena amasiya mamilimita 3 okha mkati, ndipo pa mpeni wakuthwa zimatheka, koma pa wathu uno sindingayerekeze.

Ntchito yeniyeni ili posankha zotaya. Fulaya ya A6 ili ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8 a malo a positala ya A3, ndiye sizingalowe zonse. Ndimayambira pa chilembo chaching'ono kwambiri, osati pamutu. Ndimaikiratu kuti palibe chotsika pansi pa mapoyinti 7, ndipo choyera pamtundu wakuda chisatsike pansi pa 8, chikhalenso chonenepa, chopanda timichira topyapyala. Manambala a foni ndidawapatsa mapoyinti 10, malo 11, tsiku 14. Mutu ndiye udalandira zotsala, mapoyinti 24, wocheperapo kusiyana ndi umene udatuluka pongochepetsa. Mutu sufunika kukuwa pakapepala kogwira m'manja, chifukwa positala imawerengedwa munthu ali patali, fulaya ili pafupi ndi mphuno. Zithunzi za alaliki zinali zinayi, nkhope iliyonse ngati njere ya nyemba. Ndidasiya chimodzi chachikulu, enawo mayina okha. Ndondomeko ya masiku atatu idapita kuseri, yakuda pa choyera, ya inki yakuda yokha kuti pasakhale mitundu yogundanitsa.

Pamenepa ndidakangana ndi mlembi wa mpingo pafoni kwa nthawi ndithu. Amati, "Achimwene, mukachotsa nkhope za abusa atatuwo mundiika m'mavuto." Ndidawapempha angobwera. Nditawapatsa ziwiri zonse, yakale ndi yatsopano, ndidati, "Bambo, tawerengani nambala yapansiyo mundiimbire." Adavula magalasi, n'kuvalanso, n'kuiika patebulo yakaleyo. Nkhani idathera pomwepo.

Pali tina tobisika. Mu CorelDRAW, mzere wozungulira chinthu suchepa ngati `Scale with object` sinasankhidwe, ndiye mutu umene unali ndi mzere woonda pa positala umatuluka utatsamwa, mabowo a a ndi e atatsekeka. Ukaisankha, vuto limatembenuka: mzere wa theka la poyinti umatsikira pansi pa 0.2 ndipo umaduka posindikiza, choncho uyenera kuubwezera pa 0.25 kapena kuposa. Kabokosi ka QR kanali ka mamilimita 40, katatsika kufika pa 14 foni yanga idavutika kukagwira. Ndidakakweza pa 20 n'kusiya mpata woyera mozungulira. Mkombero wokongoletsa umene unali m'mbali mwa positala ndidauchotseratu, popeza mpeni ukaphonya ndi milimita imodzi diso limaona msanga kuti mbali ina yanenepa. Kuseri nakonso sikugwera ndendende pamwamba pa kutsogolo, ndiye malire a mamilimita 5 amagwira mbali zonse ziwiri.

Ndisanatumize mulu wonse ndidasindikiza pepala limodzi pa `Actual size`, osati `Fit to page`, n'kulidula ndi mpeni womwewo n'kuyeza ndi rula. Zimatenga mphindi 10, ndipo Lachitatu palibe amene adapatsidwa mphindi zimenezo.

Pa SRA3, ya 320 kwa 450, timafulaya 8 timakwana ndi bulidi yake, kutanthauza mapepala 250. Pa A3 wamba ndidakwanitsa 4 tokha, ndiye tidadya mapepala 500 kuwonjezera pa 250 otayika aja, ndipo ndimadula timilu tating'ono kuti mpeni usakoke. Lachisanu magetsi adazima theka la tsiku, tidamaliza usiku, mpingo udatenga katundu Loweruka m'mawa. Pempho la SRA3 ndi lonoletsa mpeni ndalembanso kachitatu, lili patebulo la abwana.