Injini ya kudimba gawo 6: dizilo wa m'chigubu wandidyera elementi

Amene mwakhala mukutsatira mukudziwa kale kuti kainjini kanga ka dizilo ka S195, kaja ndinakatola kali dzimbiri lokhalokha kuseri kwa chigayo chakufa, kanayamba kulira bwinobwino mu Meyi nditasintha maringi ndi gasiketi. Kanapopa madzi kudimba la tomato miyezi iwiri osadandaula. Ndiye ndinakhala chete sabata zitatu izi chifukwa manyazi, kawonongekanso, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Chinachitika nchoti mu Julaye ndinachita ulesi kupita ku bomba, komwe amagulitsa mafuta, ku Ulongwe, ndinagula malita 20 kwa mnyamata wina wogulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu wopita ku Kalomwe, amatsitsa 10 metikali pa lita, ine nkumati ndachenjera. Kenako ndinagulanso ena 20. Mtundu wake unali bwinobwino, wachikasu pang'ono ngati dizilo wa masiku onse, fungo sindinalabadire chifukwa manja anga amanunkha dizilo nthawi zonse olo nditasamba.

Sabata yoyamba injini inangosintha kaliridwe, kugogoda kouma kuja ngati munthu akumenya chitsulo ndi kahamala, makamaka m'mawa. Kuno ku Angoniya Julaye kumazizira zedi ndiye ndinati ndi chisanu basi. Kenako ndinaona thanki ikutha msanga pa ntchito yomweyo. Chomwe chinandidzutsa ndi ichi: m'mawa ikazizira imalira kamodzi kapena kawiri, koma ikagwira ntchito maola awiri nkuizimitsa kuti ndisunthe mapaipi, kuti ilirenso, mayo ine. Kupukusa handulo mpaka phewa kuwawa, kusiya dikompuresa, iyo nkungoti fu fu fu kautsi koyera basi. Mwana wanga wamkulu anachita kundiuza kuti ababa tiyeni tizingothirira ndi kheni.

Loweruka ndinamasula pampu ya mafuta ndi injekita nkupita nazo pa njinga yamoto kwa a mesitiri ena achikulire amene ali ndi kamakina koyezera manozo, timitu ta injekita topopera mafuta mu silinda. Asanatsegule nkomwe anandifunsa, "Kodi bambo, ikatentha mukathira madzi ozizira pa pampu imalira?" Ndinati eya, mlamu wanga anandionetsa zimenezo ndipo zimathekadi. Anangoseka nkuti ndiye elementi yapita, mwamwetsa petiroliyo injini imeneyi. (Abale a ku Malawi musasokonezeke, kuno tikati petiroliyo tikunena parafini wa nyali, petulo wanu uja ife timati gazolina. Ndizingoti parafini kuti tonse timvane.)

Mmene anandifotokozera, ndipo nditaona ndi maso ndinakhulupirira, zili chonchi. Elementi ndi kapisitoni kakang'ono ka m'pampu ya mafuta, kochepa ngati pensulo, koyenda m'kachubu kake, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa kuposa tsitsi kambirimbiri, ma maikiloni awiri kapena atatu basi. Mulibe ringi, mulibe labala. Chimene chimatseka mpata umenewo ndi dizilo yemweyo chifukwa ndi wokhuthala pang'ono, ndipo chimene chimateteza zitsulo ziwirizo kuti zisadyane ndi dizilo yemweyonso, oyilo wa injini amangofika kumunsi kwa kamu ndi kawilo kake. Parafini ndi wopyapyala komanso ndi wouma, mukamugwira ndi zala ziwiri nkutikita amangoti khwa, saterera ngati dizilo. Ndiye kapisitoni kaja kakukwera ndi kutsika ka 1,000 pa mphindi imodzi injini ikamathamanga 2,000, popanda chotereretsa chokwanira. A mesitiri anakapukuta nkukaika padzuwa, mutu wake m'malo mowala ngati kalilole unali wotuwa, timizere tating'ono totsika pafupi ndi kamphako kokhota kaja. Anatseka kubowo ndi chala nkukoka kapisitoni, katsopano kamabwerera kokha chifukwa cha mpweya, kanga kanangotuluka lende.

Nkhani ya kukana kulira ikatentha ndi yomweyo. Mafuta akatentha amapyapyala kwambiri, inu mukupukusa ndi dzanja pang'onopang'ono, ndiye m'malo mokankhidwa kupita ku nozo amathawira m'mbali mwa kapisitoni kodyeka kaja, mphamvu yotsegula nozo siikwana. Mukathira madzi ozizira mafuta aja amakhuthalako nkukwanitsa. Koma anandichenjeza kuti zimenezo musamachite pa mapampu a galimoto aja ozungulira, chitsulo chakunja chikazizira mwadzidzidzi chimatha kugwira cham'kati nkuthyoka. Anatinso ine ndili ndi mwayi, mapampu a galimoto amenewo ndi ma injini atsopano a kompyuta amene amapopa mafuta ndi mphamvu yopitirira ma bala 1,500, zam'kati zonse zimadalira dizilo kuti ziterere, parafini akalowamo mumagula pampu ndi ma injekita onse.

Nozo nayo inali itapita. Pa makina inatseguka isanafike ma bala 100 pomwe iwo amaitchera cha m'ma 125, ndipo m'malo mopopera nkhungu ndi kaphokoso kakuthwa kaja imangokodza kamzere nkutsala ikudontha kunsonga. Apa mpamene pachokera utsi. Ndinene chilungamo, masiku oyamba aja parafini yekha sanatulutse utsi wakuda wambiri, zimene ena amanena zoti mukangothira nthawi yomweyo utsi bii ine sindinazione. Unali woyera m'mawa, wowawa m'maso, chifukwa parafini amachedwa kuyaka akapoperedwa mu silinda, nchifukwa chakenso kugogoda kuja, mafuta amaunjikana kaye kenako nkuphulika pamodzi. Wakudawo unabwera nozo itadyeka, madontho aakulu sapsa onse, amasanduka mwaye. Kashedi kanga ka malata pamwamba pa ekizozi pachita bii ngati kukhitchini, ndipo ine ndinkakhala momwemo ndikuyang'anira lamba, madzulo kumina zakuda, mayi a kunyumba nkumati mwayambanso fodya kodi. Mwaye wa dizilo ndi tinthu tating'ono kwambiri tolowa mpaka m'kati mwa mapapo, ndipo nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2012. Ndiye ekizozi ndaiwonjezera paipi itulukire kunja kwa shedi, mbali yosapita kumene ana amakhala.

China chimene sindinaganizire, nditasolola chitsulo choyezera oyilo ndinapeza wakwera kupitirira mzere pomwe sindinathiremo, ali wamadzimadzi akununkha mafuta. Ndi zodontha za nozo zija, zimatsuka khoma la silinda nkutsikira pansi. Maringi anga atsopano aja akhala akuyenda pouma, mtima unandiwawa.

Tsopano mbali imene yandisangalatsa, chifukwa m'chigubu munatsala malita 6 ndipo ndimafuna kudziwa kuti anathiramo wochuluka bwanji. Ndinabwereka kasikelo ka batire kwa mlongo wanga amene amaphika makeke, kowerenga galamu imodzi imodzi. Ndinatenga galafa ya galasi ya khosi lowonda, kuiika pasikelo nkubweza pa ziro, kuthira madzi mpaka 1,000 g, nkulemba mzere pakhosi ndi mpeni wa macheka. Imeneyo ndi lita. Kuiumitsa bwinobwino padzuwa. Kenako ndinagula dizilo wa pa bomba ndi parafini wa nyali, zonse zitatu ndinazigoneka m'chipinda chimodzi usiku wonse kuti zifanane kutentha, izi nzofunika chifukwa mafuta akatentha amafufuma, lita imapepuka pafupifupi 0.7 g pa digiri iliyonse, ndiye chigubu chochokera padzuwa chikhoza kukunamizani. Dizilo wa pa bomba analemera 835 g, parafini 795 g, wa m'chigubu uja 819 g. Kusiyana kwa awiri oyambawo ndi 40, wanga watsika ndi 16, ndiye 16 pa 40, kutanthauza kuti pa malita 10 aliwonse malita 4 anali parafini. Ndinabwereza katatu, imasintha ndi galamu imodzi kapena ziwiri basi.

Koma sikelo ili ndi malire ake. Dizilo weniweni amaloledwa kukhala pakati pa 820 ndi 845 g pa lita, ndiye akathiramo parafini pang'ono, lita imodzi pa khumi, atsika ndi 4 g yokha ndipo simungaloze munthu chala ndi zimenezo. Komanso a mesitiri anati ochenjera ena amawonjezeramo oyilo wotha ntchito kuti mtundu ndi kulemera zibwerere, pamenepo sikelo yagona. Nchifukwa chake ndinayesanso njira yachiwiri, jekeseni wa ziweto wopanda chokankhira, singano ili pomwepo, kuthira mafuta mpaka pamwamba nkuwerenga nthawi pa foni kuti 5 ml idonthe. Wa pa bomba anatenga mphindi 9 ndi theka, parafini 4 ndi theka, wanga 7. Manambala amenewa ndi a singano yangayi, yanu ipereka ena, chofunika nkufanizira ndi dizilo amene mukumukhulupirira tsiku lomwelo. Dontho pa pepala loyera la kope limathandizanso kugwira za oyilo zija, pakati pamatsala kadontho kakuda.

Mlamu wanga akuti ndingothira oyilo wa tu sitiroko mu malita otsalawo ndiwamalize, madalaivala amatero. Mwina amathandizako kuterera koma sabweza kachedwedwe ka kuyaka kaja, ndipo ine elementi yachiwiri sindigula. Ndawasunga otsukira zitsulo, chigubu ndachilemba ndi penti, komanso kutali ndi moto chifukwa parafini nthunzi yake imatha kuyaka pa 38 digiri pomwe dizilo mpaka apitirire 55. Mnyamata uja ndinamupeza, anati iyenso amangogula kwa ena a mathanki, mwina nzoona, sindinalimbane naye.

Pofika dzulo ndaika elementi ndi nozo zatsopano, ndatsuka thanki ndi paipi, fyuluta yatsopano, oyilo ndakhetsa yense. Timashimu ta pansi pa pampu ndinatibwezera momwe tinalili kuti taimingi, nthawi yopoperera mafuta, isasunthe. Yalira kupukusa koyamba, ndinaisiya maola awiri nkuizimitsa dala, kudikira mphindi zisanu, yaliranso popanda madzi ozizira. Kautsi kabuluu pang'ono kakuonekabe ikamakoka katundu ndipo ndikukayikira maringi aja, ndiye ndiyendetsa maola 20 ndikuyang'ana oyilo m'mawa uliwonse, akamatsika nditsegulanso hedi Loweruka likubweralo ndione khoma la silinda.