Kanema wanga anawasandutsa mbava apongozi

Amene anandigulitsa ndi mkazi wanga. Gulu la banki m'khonde la kwawo linali litalandira anthu atsopano, ndipo theka la msonkhano uliwonse linkathera pobwereza malamulo omweomwewo. Ndiye iye, osandifunsa n'komwe, anauza atcheya kuti bambo a kunyumba amatha kupanga kanema uja dzanja limajambula pa bolodi loyera kwinaku mawu akufotokoza. Ine kujambula ndimajambula, koma zikwangwani za pa saluni ndi pa butchala. Kukana kunali kosatheka chifukwa msungichuma wa gululo ndi apongozi anga aakazi, ndipo ine ndine mkamwini wokhala pamudzi pawo.

Ndinayamba ndi kulemba mawu. Ndinalemba masamba awiri odzaza, kuyambira ku Niger kumene bungwe la CARE linayambitsa njira imeneyi m'chaka cha 1991. Nditawerenga mokweza wotchi ili pambali, ndinapeza kuti pakamwa panga pamatuluka mawu pafupifupi 90 pa mphindi, ngati ndikufuna kuti agogo andimve. Kanema wa mphindi zitatu amangonyamula mawu pafupifupi 270. Niger anatuluka, mbiri yonse inatuluka, moni wa kwa amfumu unatsala mzere umodzi. Chinatsala ndi ulendo wa ndalama basi: mmene zimalowera m'bokosi, mmene zimatulukira, mmene zimabwererera, ndi mmene zimagawidwira.

Ulendowo ndinaugwira bwino, ndikudzitama. Anthu 20 amakumana sabata iliyonse. Sheya imodzi ndi K1,000, ndipo munthu amagula kuyambira imodzi kulekezera zisanu pa msonkhano. Mlembi amadinda chidindo m'kabuku ka munthuyo pa sheya iliyonse. Pambali pali thumba la zadzidzidzi, la matenda ndi maliro, limene aliyense amaponyamo mofanana ndipo silisakanizidwa ndi ndalama zobwereketsa. Wofuna ngongole sapitirira katatu pa zimene wasunga, ndiye wa masheya 30 malire ake ndi K90,000. Akatenga K60,000 pa chiwongola dzanja cha K10 pa K100 iliyonse pamwezi, mwezi ukatha amawonjezerapo K6,000, ndipo ngongoleyo iyenera kutha m'miyezi itatu. Pogawana, ndinapereka chitsanzo chakuti masheya onse akwana 2,400 ndipo m'bokosi muli K3,000,000. Mukagawa, sheya imodzi yakula kufika pa K1,250, choncho wa masheya 120 amatenga K150,000 ndipo wa masheya 200 amatenga K250,000. Apa ndi pamene anthu atsopano amakwiyira, poganiza kuti phindu limagawidwa mofanana pamutu pamutu, ndiye ndinapapatsa masekondi ambiri kuposa pena paliponse.

Lamulo la kanema wotere ndi lakuti mawu ajambulidwe kaye, zithunzi zitsatire mawuwo. Ndinalowa m'chipinda, n'kutseka zenera, n'kudzifunda bulangete kumutu kuti mawu asamachite phokoso lobwerera kuchokera ku malata, n'kuwerenga mpaka thukuta kamukamu. Kenako ndinagawa mawuwo m'zigawo n'kuyeza chilichonse. Popeza kanemayo amathamangitsidwa, ine ndinasankha liwiro la `8x` pa CapCut, pulogalamu ya pafoni yokonzera kanema, chigawo cha masekondi 15 chimandipatsa mphindi ziwiri zojambula. Ukapitirira mphindi ziwirizo, mawu atha iwe ukadali pa mwendo wa mbuzi.

Bolodi loyera lenileni linandikana. Limanyezimira, ndipo pa kamera pankaoneka zenera lonse ndi mphumi yanga pakati pa bokosi la ndalama. Ndinaligoneka pansi pakhonde pamthunzi, foni n'kuimangirira ndi mphira pa thabwa loyalidwa pakati pa mipando iwiri, kamera ya kumbuyo ikuyang'ana pansi. Ya kutsogolo musayese, chifukwa mafoni ena amatembenuza chithunzi, manambala n'kumawerengeka chammbuyo. Vuto lina linali lakuti dzanja likangolowa, foni inkasintha kuwala payokha, bolodi n'kumathwanima, kuyera, kuda, kuyera. Mankhwala ake ndi kudina pa sikirini osachotsa chala mpaka kuwala ndi fokasi zitsekeke, kenako n'kukweza kuwalako pang'ono kuti bolodi liyere mbee. Maka yojambulira ikhale yonenepa nsonga, chifukwa WhatsApp imafinya kanema ndipo timizere toonda timasowa. Mitundu iwiri yakwana: yakuda ya anthu ndi bokosi, yofiira ya ndalama, kuti diso lizitsatira zofiira kulikonse zikupita.

Anthu ndinawajambula a timitengo, mutu wozungulira ndi miyendo iwiri. Koma nditafika pa msungichuma, mzimu wa ulemu unandigwira. Ndinati apongozi anga sangakhale kamtengo ngati anthu wamba. Ndinawaveka duku lomanga mfundo kutsogolo monga amamangira iwo, ndinawaika magalasi, ndinawapatsa thupi lokwanira ndi kachikwama ka m'khwapa kamene mudzi wonse umakadziwa. Mkazi wanga atasuzumira anati, "Koma ndiye mwawatenga ndithu." Ndinamva kukoma.

Zithunzi zinkatsatana chonchi. Bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Ndalama zofiira zilowa. Kenako dzanja langa libwera ndi kansalu n'kufufuta zofiirazo, kusonyeza kuti zatuluka kupita ku ngongole. Kenako msungichuma anyamula bokosi lokhoma kupita nalo kwawo. Kenako munthu wochedwa kubweza ngongole, wa kamtengo, alipira chindapusa. Ndinalumikiza mawu ndi zithunzi, ndinaonera, zonse zinagwirana bwinobwino.

Usiku ndikumvetseranso ndi mahedifoni, ndinamva tambala. Anali atalira kunja pamene ndinkafotokoza za chidindo cha m'kabuku, ndipo mawu ake anaphimba chiganizo chonse. Ndinati aa, chiganizochi sichofunika kwenikweni, ndinachidula pa mzere wa mawu n'kukokera mawu otsalawo kumanzere kuti pasakhale mpata. Mzere wa zithunzi sindinaukhudze. Chidutswa chimene ndinachotsacho chinali cha masekondi 7, ndiye kuyambira pamenepo mawu onse anatsogola ndi masekondi 7, zithunzi zikubwera pambuyo. Pa liwiro la `8x`, masekondi 7 ndi pafupifupi mphindi yathunthu ya kujambula, kutanthauza chithunzi china chonse. Ndinaonera poyambira pokha, ndinamva kuti tambala wachoka, ndinatumiza kwa mlembi kuti aponye pagulu, n'kukagona mtima uli m'malo.

M'mawa phala silinabwere. Mkazi wanga anandipatsa foni yake n'kunena kuti, "Onerani ntchito yanu, bambo."

Kanema anayamba bwino. Atafika pakati, mawu anga odekha aja, a munthu wofunda bulangete, anati, "Msonkhano ukatha, msungichuma amatenga bokosi kupita nalo kwawo." Nthawi yomweyo dzanja linatulukira ndi kansalu, liwiro la mphamba, n'kupukuta ndalama zonse zofiira, bokosi n'kutsala mbee. Ndisanapume, mawu anapitiriza kuti, "Munthu wotere, amene watenga ndalama za gulu koma sakubweza, gulu limamulipiritsa chindapusa." Ndipo dzanja lija, mosamala kwambiri, linayamba kujambula duku la mfundo kutsogolo. Linaika magalasi. Linamaliza ndi kachikwama ka m'khwapa.

Kanemayo anali atatuluka kale m'gulu. Anafika kwa a kwaya, anafika kwa alamu anga ku Joni, amene anaimba foni kufunsa kuti amayi adya zingati. Mayi wina amene anali ndi masheya ambiri anapita mbandakucha kukakhala pakhonde la apongozi, akuti wangobwera kudzawaona. Apongoziwo sanandilankhule, paja mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso chisawawa. Uthenga unkadutsa mwa mkazi wanga, ndipo unali waufupi: akamwini abwere ku msonkhano Lachinayi, ndi foni yawo.

Ndinakhala pansi kumapeto kwa mkeka, amayi 17 ndi abambo atatu akundiyang'ana. Atcheya sanandipatse mpata wofotokoza za masekondi. Anaitana osunga makiyi atatu, aliyense anatsegula loko wake pamaso pa onse. Asanawerenge, anafunsa gulu kuti sabata yatha tinatseka ndi zingati, ndipo anthu anatchula nambala pamtima, monga amachitira msonkhano uliwonse. Owerenga ndalama awiri anakhuthula, anawerenga mokweza, thumba la ngongole palokha, la zadzidzidzi palokha. Zinakwana mpaka kakobiri komaliza. Atcheya anatembenukira kwa mayi wa pakhonde uja n'kumufunsa kuti, "Inu kanema munaonera. Makiyi anali ndi ndani?" Mayiyo anati anali ndi anthu atatu. "Nanga msungichuma ali ndi kiyi?" Anati ayi, amangosunga bokosi. Atcheya anati ndiye kanema wa akamwini waphunzitsa, kungoti waphunzitsa motukwana.

Mlandu wanga unavuta pang'ono chifukwa malamulo a gulu ali ndi chindapusa cha kuchedwa, cha kujomba ndi cha kulongolola pamsonkhano, koma mulibe cha mlendo wojambula. Mlembi anafufuza m'buku, n'kupeza kuti chimene chikuyandikira ndi kulongolola. Anachulukitsa ndi chiwerengero cha anthu amene ndinawalongololetsa, 20, ndipo ndinaponya m'mbale ya zindapusa ndalama zimene pa Disembala zidzakweze sheya ya aliyense, kuphatikizapo ya apongozi.

Pokonzanso, sindinasiyenso mawu ngati chingwe chimodzi chachitali. Ndinadula mawu ndi zithunzi pamalo amodzimodzi, chigawo ndi chigawo, kuti ndikachotsa kanthu m'chigawo chachiwiri, chachitatu chisasunthe. Chofufuta ndinachichotseratu: ndalama zopita ku ngongole tsopano zimatuluka ndi muvi wofiira wolunjika kwa wobwereka, ndipo muvi wina umazibweza zitachuluka, chifukwa chinthu chikangofufutidwa pa kanema, woonera amamva kuti chasowa. Wochedwa kubweza ndinamusunthira kutali, pambuyo pa chigawo cha chiwongola dzanja, kuti asayandikanenso ndi wonyamula bokosi. Ndinaonera kanema yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako ndinazimitsa mawu n'kupatsa mwana wa alamu anga wa Sitandade 6 kuti andiuze zimene akuona. Anati akuona anthu akusunga, akubwereka, akubweza, akugawana. Wakuba sanamuone.

Msungichuma ndinamujambula kamtengo, wopanda duku, wopanda magalasi, wofanana ndendende ndi ena onse. Kanema anapita pagulu, atcheya anayamikira, anthu atsopano anasiya kufunsa za phindu la pamutu pamutu. Madzulo ake mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake ndi uthenga wina. Akuti akamwini afotokoze chifukwa chimene awachotsera mu filimu, pamene udindo anawasankha ndi gulu, ndiponso ngati akuona kuti iwo ndi owonda choncho.