Msonkho wa PAYE pa tebulo limodzi, ndi tambala imene imabisala m'selo

Ndikuphunzira ntchito yowerengera malipiro mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo chimene chanditenga mtima miyezi ino ndi msonkho wa PAYE, umene olemba ntchito amadula pa malipiro n'kukapereka ku MRA. Msonkhowu umayenda m'magawo. Pa mlingo umene unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba ya pamwezi sidulidwa kanthu, ndalama yopitirira apo kufika K500,000 imadulidwa 25 peresenti, yopitirira apo kufika K2,550,000 imadulidwa 30 peresenti, ndipo yotsala pamwamba 35 peresenti. Manambalawa boma limawasintha, choncho amene akuwerengera malipiro lero atenge mlingo umene MRA yalengeza. Ine ndagwiritsa ntchito wa 2024 pofuna kuonetsa njira chabe.

Anthu ambiri mu Excel amalumikiza IF pamwamba pa IF inzake, manambala onse a msonkho n'kuwalemba m'kati mwa fomula. Zimagwira ntchito ndithu, koma tsiku limene mlingo wasintha muyenera kutsegula fomula ndi kusintha nambala iliyonse pamanja, ndipo mzere umodzi ukaiwalika palibe chimene chingakuuzeni. Ine ndimakonda tebulo laling'ono loima palokha:

```
   A          B      C
1  Poyambira  Mlingo Wam'mbuyo
2  0          0%     0
3  150000     25%    0
4  500000     30%    87500
5  2550000    35%    702500
```

Mtima wa njirayi uli m'kolamu C. Imasunga msonkho wonse wa magawo amene munthu wadutsa kale. Amene wafika pa K500,000 walipira kale 25 peresenti ya K350,000, imene ndi K87,500. Manambala a m'kolamuyi salembedwa pamanja ayi. Mu C3 mumaika fomula iyi n'kuikokera pansi, kuti A kapena B ikasintha, C isinthe yokha:

```
=C2+(A3-A2)*B2
```

Tsopano malipiro oyenera kudulidwa msonkho akakhala mu F2, msonkho wake ndi wam'mbuyo uja kuphatikiza mlingo wa ndalama yapamwamba yokha:

```
=ROUND(VLOOKUP(F2,$A$2:$C$5,3,TRUE)
 +(F2-VLOOKUP(F2,$A$2:$C$5,1,TRUE))
 *VLOOKUP(F2,$A$2:$C$5,2,TRUE),2)
```

TRUE akuuza VLOOKUP kuti ipeze nambala yaikulu ya m'kolamu A imene siikuposa malipirowo. Pachifukwa ichi kolamu A iyenera kuyambira pa 0 n'kumakwera mwandondomeko. Mukalemba FALSE, pafupifupi aliyense adzatuluka #N/A, popeza malipiro ake sakufanana ndendende ndi nambala ya m'tebulo. Zizindikiro za $ nazo zisasowe, apo ayi mukamakokera fomula pansi tebulo limatsetsereka nayo, mizere yapansi n'kuyamba kufufuza m'maselo opanda kanthu.

Tiyeni titenge kalaliki amene mwezi uno, ndi ovataimu yomwe, wapeza K187,345.61. VLOOKUP iima pa mzere wa 150000. Wam'mbuyo palibe. Yapamwamba ndi K37,345.61, ndipo 25 peresenti yake ndi K9,336.4025. Apa ndi pamene nkhani yagona. Ndalama yathu imathera pa tambala, ndiye pa peyisilipi palembedwa K9,336.40, koma ngati palibe ROUND, selo likusungabe 9336.4025 ngakhale mutaliuza kuti lizionetsa manambala awiri okha kumanja kwa kadontho. Format Cells imasintha zimene maso akuona, pamene SUM imaphatikiza zimene zili m'katimo.

Wina anganene kuti kachidutswa ka tambala n'kachiyani, komanso kuti tina tikwera tina titsika, pamapeto zifanana. Pa ofesi ya anthu khumi a malipiro osiyanasiyana mwina zingatero. Pa esiteti zinthu n'zosiyana, chifukwa anthu ambiri amakhala pa giredi imodzi ndipo amalandira ndalama yofanana, kotero kachidutswako kamapendekera mbali imodzi kwa onse. Tiyerekeze kuti anthu 400 alandira K187,345.61 aliyense. Mukaphatikiza mapeyisilipi awo, msonkho ndi K3,734,560.00. SUM ya maselo opanda ROUND ikupatsani K3,734,561.00. Kwacha imodzi yabadwa imene palibe anadulidwa. Ndi yochepa, inde, koma ndalama imene mwadula anthu ndi imene mukulemba kuti mupereke ku MRA zasiyana, ndipo akauntanti sangasaine buku losagwirizana. Amayi amene amandiphunzitsa ntchitoyi anandiuza kuti, "Mwanawe, kwacha imodzi ikasowa umaifunafuna, chifukwa sudziwa ngati ili yokha. Mwina K5,001 yalowa molakwika uku, K5,000 yatuluka molakwika uko." Ndinaona kuti akunena zoona. Buku likazolowera kusiyana pang'ono mwezi ndi mwezi, cholakwika chachikulu chimabisala momwemo.

Ndiye ROUND ikhale pa mzere wa munthu aliyense, osati pa chiwerengero chapansi. Ndipo ikhale kawiri kokha. Koyamba pa malipiro enieniwo, chifukwa makilogalamu a tiyi kapena maola a ovataimu akachulukitsidwa ndi mtengo wake amatulutsanso tizidutswa ta tambala, ndipo F2 iyenera kukhala nambala imene munthu aione pa pepala. Kachiwiri kunja kwa fomula yonse ya msonkho, monga ndalembera pamwambapa, osati pa gawo lililonse palokha. Ndalama yopita nayo kunyumba isawerengeredwe mwa njira ina, ingokhala malipiro kuchotsa msonkho wodutsa kale mu ROUND, pamodzi ndi zodulidwa zina ngati zilipo. Kwa kalaliki uja, popanda zina, ndi K178,009.21. Mu Excel muli njira ina yotchedwa Set precision as displayed, imene imadula manambala onse kuti afanane ndi zooneka. Ine sindiikhudza, chifukwa imasintha manambala olembedwa m'faelo yonse ndipo zodulidwazo sizibwereranso.

Pali vuto lina loposa la tizidutswali, ndipo limalowa mwaulemu kwambiri. Magawo a msonkho kawirikawiri amalembedwa kuti "K150,001 mpaka K500,000", munthu n'kukopera 150001 m'kolamu A. Fomula sidandaula, imangochotsa kwacha imodzi yowonjezera isanachulukitse, ndiye aliyense wa m'gawolo amadulidwa msonkho wopereweza ndi 25 tambala. Pa anthu 400 aja ndi K100 mwezi uliwonse, ndipo chiwerengero chapansi chimagwirizana bwinobwino, chifukwa cholakwikacho chili pa aliyense mofanana. M'kolamu A mumalowa 150000, malire enieni. Musaope kuti wolandira K500,000 ndendende agwera m'gawo la 30 peresenti. Agweramo ndithu, koma yapamwamba yake ndi ziro, choncho msonkho ndi K87,500 yomweyo.

Ndisanaike mayina a anthu, ndimayesa fomula ndi manambala amene yankho lake ndikulidziwa. K150,000 itulutse 0, K150,004 itulutse K1.00, K500,000 itulutse K87,500, ndipo K2,550,000 itulutse K702,500. Wa 150001 uja amagwidwa pomwepa, chifukwa K150,004 imatulutsa 75 tambala. Kenako pansi pa buku ndimaika selo loyang'anira, pamene G ndi msonkho, H ndi yopita nayo kunyumba:

```
=ROUND(SUM(F2:F401)-SUM(G2:G401)-SUM(H2:H401),2)
```

Ngati palibe zodulidwa zina, liyenera kuonetsa 0. Koma seloli silingagwire ROUND yoiwalika, chifukwa H imachokera ku F ndi G zomwezo. Chimene chimaigwira ndi ichi:

```
=SUMPRODUCT(--(G2:G401<>ROUND(G2:G401,2)))
```

Chimawerenga mizere imene msonkho wake udakali ndi kachidutswa kobisika. Chikatulutsa 3, ndiye kuti pali mizere itatu imene wina analembamo nambala pamanja kapena anamatamo fomula yakale, ndipo ndimaipeza kaye mapeyisilipi asanasindikizidwe.