Chithunzi cha eni, matisheti 200

Ntchito yaikulu sabata ino pashopu yathu ku Area 3 inali ya kwaya ina ya ku Kawale. Lolemba mlembi wawo anabwera ndi chithunzi cha mtsogoleri wa kwayayo, chotengedwa pa Facebook. Amafuna matisheti 200, nkhopeyo itapakidwa mitundu yowala ngati zithunzi za Andy Warhol, katswiri wa zojambulajambula wa ku America.

Za Warhol sizinavute. Lamulo la kopelaiti limateteza chithunzi chenicheni chimene munthu anapanga, osati kalembedwe kapena kapentedwe kake. Mitundu yowala ndi nkhope yobwerezedwa kanayi aliyense angagwiritse ntchito, bola osakopera chithunzi chake china, kapena kuikapo siginecha yake kuti ogula aziyesa ndi chake.

Vuto linali chithunzi cha pa Facebook. "Koma ndi nkhope ya abambo athu, ndipo avomera," anatero mlembiyo. Nkhope ndi yawo ndithu, koma kawirikawiri mwini chithunzi ndi amene anachijambula, pokhapokha mgwirizano utanena zina. Mu lamulo lathu la 2016, kusandutsa ntchito ya wina kukhala ina kumafuna chilolezo chake. Kuchidutsa mu Image Trace, chida cha pakompyuta chosandutsa chithunzi kukhala chojambula, n'kuchisiya ndi mitundu inayi sikuchotsa umwiniwo, ndipo zoti ukasintha gawo lakutilakuti chasanduka chako ndi nkhambakamwa.

Timayesa motere: timaika chojambula chathu pamwamba pa chithunzi choyamba, Opacity pa 50% kuti cha pansicho chizionekera. Lachitatu zonse zinagwirizana ndendende: kupendekeka kwa mutu, mthunzi pansi pa chibwano, pamene phewa linadulidwira. Izi ndi zimene wojambula anasankha yekha, ndiye zikatsala, chithunzi chake chikadali momwemo.

Warhol yemweyo zinamutsatira atamwalira. Mu 2023 khoti lalikulu la ku America linagamula mokomera Lynn Goldsmith, amene anajambula woimba Prince mu 1981, pa chithunzi chimene Warhol anapanga kuchokera ku cha Goldsmith, chomwe bungwe losamalira ntchito za Warhol linachigulitsa kuti chikhale pachikuto cha magazini. Chigamulocho ndi cha kwawo, ndipo chifukwa chimene bungwe la Warhol linadziteteza nacho ndi cha lamulo lawo, si chobwera nacho kuno.

Pa chithunzi cha pa Facebook chija, dzina la wojambula linali pakona, litadulidwa theka. Lachinayi tinamupeza, n'kulemberana tsamba limodzi: chithunzi chiti, kuti akulola chisinthidwe, matisheti 200 okha, kwa chaka chimodzi, mtengo, ndi kuti dzina lake lilembedwe pansi. Mawu akuti "chisinthidwe" ndiwo ambiri amaiwala. Chilolezo chosindikiza sichilola kusintha, ndipo wojambula ali ndi ufulu wokana kusintha konyozetsa ntchito yake ngakhale mutalipira. Akanapanda kupezeka, tikanafunsa ku COSOMA, bungwe loona za kopelaiti, kapena kuitana abambowo n'kuwajambula tokha, zomwe nthawi zambiri zimatchipa.

Lachisanu kwaya inafunsanso za mabanala ndi makalendala. Izo mulibe mu pepala lija, choncho zikudikira siginecha ina.