Tulo ta amitiriputilini, tsopano ndamvetsa

Kwa masabata atatu funso limodzi lakhala likundizunguza mutu. M'buku, amitiriputilini ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo, mamiligalamu 75 mpaka 150 patsiku, ndipo umadikira masabata awiri kapena anayi kuti uone kusintha. Koma kuno ku Salima kumene ndikuchita pulakitiko ndimaona akulembedwa mamiligalamu 25 okha, usiku, kwa munthu wosowa tulo, ndipo amagona usiku womwewo. Nanga zikugwirizana bwanji? Ndinafunsapo m'kalasi, yankho linali lakuti "zili m'manotsi". Munalibemo. Mutu wonsewo tinauthamanga pa ola limodzi, masana, kukutentha, theka la kalasi likusinza.

Chinanditsegula maso ndi piritoni. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anamwa chifukwa cha chimfine, pasanathe ola n'kuyamba kuwodzera buku lili pamiyendo. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti hisitamini si wa ziwengo zokha ayi. Muubongo ntchito yake ndi kutisunga maso. Ukatseka maresepita ake a H1, malo amene hisitamini amamatirira kuti agwire ntchito, munthu amagona. Amitiriputilini amachitanso zomwezo, ndipo amamatirira pa H1 mwamphamvu kwambiri moti kamlingo kochepa kamakwanira. Kuti serotonini ndi noradirenalini, makemikolo a muubongo okhudza maganizo, zikwere mokwanira kuchiza maganizo, pamafunika mlingo wokulirapo ndiponso nthawi. Ndiye tulo si chizindikiro chakuti maganizo achira. Ndi ntchito ina ya mankhwala omwewo, imene imayamba msanga.

Ndinatenga mbale zinayi ndi zitsekerero za mabotolo n'kuyala pansi, mbale zikuimira malo amene amitiriputilini amagwira m'thupi, zitsekerero zikuimira mankhwalawo. Mbale yoyamba H1, yachiwiri asetilikolini, yachitatu alifa 1, yachinayi serotonini ndi noradirenalini. Ndikaponya zitsekerero zochepa, yoyamba imadzaza, ziwiri zapakati zimalandirako, yachinayi sifika pokwanira. Kunena zoona, ndikuona ngati famakoloje yonse ingaphunzitsidwe ndi mbale zimenezi, manotsi osafunika. Mitazapini, mankhwala ena a maganizo, pa mamiligalamu 7.5 kapena 15 amagonetsanso kudzera pa H1, n'chifukwa chake amawonjezeranso njala. Tirazodoni nayenso amagonetsa pa 25 mpaka 100, pamene wa maganizo amayambira pa 150.

Mbale ziwiri zapakatizo ndinaziona mwa agogo ena, msodzi wakale wa zaka za m'ma 60, amene anabwera ndi mwana wawo wamkazi. Moyo wawo wonse anathera panyanja usiku kupha usipa, ndiye tulo ta usiku sanatizolowere. Kwinakwake anawapatsa amitiriputilini wa 25, ndipo ankamwa cha m'ma 10 koloko. "Kugona ndikugona ndithu, mwanangu," anatero, "koma kukacha mutu uli ngati wa matsire, chonsecho mowa ndinasiya kale." Mankhwalawa amachedwa kuchoka m'thupi, theka lake limatha kutenga pafupifupi tsiku lathunthu, ndiye amene wamwa mochedwa amadzuka akadali nawo. Kwa munthu wachinyamata tikanangoti azimwa cha m'ma 7 koloko madzulo, kapena kutsitsa mlingo kufika pa 10.

Koma agogowa ankanyambita milomo pafupipafupi, lilime louma gwa. Chimbudzi chinali chitauma masiku anayi. Amene ankatiyang'anira anawafunsa za mkodzo, iwo n'kuyang'ana pansi poti mwana wawo anali pomwepo. Atatuluka mwanayo, anaulula kuti amaima nthawi yaitali, mkodzo ukungodontha. Zonsezi ndi mbale ya asetilikolini: malovu amachepa, matumbo amayenda mwaulesi, chikhodzodzo sichifinya bwino, makamaka mwa bambo wachikulire amene pulositeti yakula kale. Ngakhale thukuta limachepa, zomwe si nkhani yamasewera ndi dzuwa la Okutobala la kuno. Tinawayeza kuthamanga kwa magazi atagona, kenako ataimirira, ndipo nambala yapamwamba inatsika kuchoka pa 138 kufika pa 114. Imeneyo ndi alifa 1, maresepita amene amathinitsa mitsempha ya magazi munthu akaimirira. Mwana wawo anati dzana usiku agogowo anadzandira popita kukataya madzi, mpaka anagwira chitseko. Wotiyang'anira uja anawasiyitsa mankhwala, n'kuuza mwanayo kuti mapiritsi otsala abweretse, poti akachuluka m'thupi amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo m'nyumbamo muli zidzukulu.

Chimene chikundisautsabe ndi odwala ena aja. Mayi wa zaka 35 amene miyendo imayaka moto usiku, mankhwalawa amamuthandiza pawiri, ululu ndi tulo. Koma wina amene sagona chifukwa cha ngongole kapena maliro, ndikadzamupatsa 25 n'kugona, adzabwera akuthokoza, maganizo ake ali pomwepo osakhudzidwa. Kodi pamzere wa anthu ochuluka chonchi ndidzapeza mphindi zomufunsa chimene chikumulanda tulo? Mbale zanga sizikundiyankha zimenezo, ndipo mayeso ndi Lachinayi.