Kirediti noti si ndalama ayi, abale anga

Nkhani yanga ya simenti yatha tsopano koma mtima ukuwawabe. Ndinaoda matumba 20 ku holoselo ina ku Limbe pa K30,000 thumba, invoyisi ya K600,000, nkulipira yonse kudzera ku banki. Lole itafika pashopu panga pa Chitakale, matumba 4 anali atauma gwa. Ndinawabweza pa lole yomweyo, dalaivala nkusayina papepala loperekera katundu kuti wabwerera nawo. Sayini imeneyo musamaiphonye, ndi imene inandipulumutsa.

Chimene chinandinyansa ndi ofesi ya akawunti. Ndadzuka m'mamawa, minibasi mpaka ku Limbe, shopu yanga yotseka, nkukhala pabenchi mpaka madzulo chifukwa akuti abwana osayina ali ku mitingi, kenako nkundipatsa kapepala kolembedwa kuti kirediti noti ya K120,000. Ndinafunsa kuti achimwene, nanga ndalama? Akuti "mudzachotsera pa oda ina". Oda iti poti sindigulanso simenti mvula isanathe?

Mvetsetsani apa. Kirediti noti imangochepetsa invoyisi, palibe tambala imene imayenda. Ndikanatenga pangongole bwenzi zitathera pomwepo, ngongole ikanatsika nkukhala K480,000 basi. Koma ine ndinali nditalipira kale, ndiye kapepalako kamangovomereza kuti iwowo ali nane ngongole. Rifandi ndi pamene ndalamayo yabwereradi, ndipo ndinachita kuipempha padera ndi kalata.

M'mabuku mwanga, kirediti noti ndinailemba m'buku la katundu wobweza, komanso pa akawunti ya holoseloyo mbali ya debiti, K120,000. Kashibuku osaikhudza. Akawuntiyo inatsala ikuonetsa kuti ali ndi ndalama zanga. Rifandi italowa mpamene ndinalemba mu kashibuku ngati ndalama yolowa, nkuilembanso pa akawunti yawo mbali ya kirediti, akawunti nkufika pa ziro. Rifandiyo musailembe ngati malonda, mungaoneke ngati mwagulitsa katundu amene simunagulitse. Musaichotsenso pa zogula, munachotsa kale ndi kirediti noti ija. Kwa iwo zimatembenuka, kirediti noti imachepetsa malonda awo pamodzi ndi VAT yake, rifandi imatuluka ku banki kwawo. Invoyisi yoyamba ija siifufutidwa, imakhalabe K600,000.

Ndaiwala, musanachoke pawindo la ofesi ya akawunti onani kuti pa kirediti noti alembapo nambala ya invoyisi. Yanga anasiya osalemba, ndinawabwezera pomwepo, chifukwa popanda nambalayo sitetimenti yawo sionetsa kuti K120,000 ikuchokera pati. Ndipo dalaivala azisayina ndithu, chinthu choyamba chimene anafunsa ku ofesi kuja ndi chimenecho. Ndalama inalowa kubanki mwezi utatha kale, ndiye kirediti noti ili m'mabuku a mwezi wina, rifandi mwezi wotsatira.